Mitengo iwiri ya ndalama pa malire a Chanida

Amalonda a ku Katete ndi Sinda amene amakagula katundu ku Mozambique kudzera pa malire a Chanida amadabwa kuti mtengo wa metikali umene amva pa wailesi kapena kuona pa lamya si umene amalipira.

Mtengo wolengezedwawo kawirikawiri umakhala wa pakati. Wosintha ndalama ali ndi mitengo iwiri: wogulira, umene ndi wotsika, ndi wogulitsira, umene ndi wokwera. Phindu lake lili pa mpata umenewu.

Tiyerekeze kuti mametikali 1,000 alengezedwa pa K345, koma wosinthayo akugulitsa pa K360 ndipo akugula pa K330. Mayi amene wagula 1,000 n'kuwabweza nthawi yomweyo wataya K30, ngakhale msika sunasinthe.

Palinso kuterereka kwa mtengo, pamene munthu alipira mosiyana ndi zimene anauzidwa poyamba. Ngati wosinthayo watsala ndi 600 okha, mayiyo amalipira K216, kenako 400 otsalawo n'kuwapeza kwa wina pa mtengo wa K380, ndiye kuti K152. Zonse pamodzi zakwana K368.

Wosintha zambiri amanenerera mpaka mpatawo ucepe. Wa zocepa alibe mphamvu imeneyo, ndipo akauzidwa kuti cenji palibe, K5 yotsalira pa K100 ndi gawo lalikulu kuposa pa K10,000. Mpata weniweni umadziwika pofunsa mitengo yonse iwiri ndalama zisanatuluke m'thumba.