Benzodayazepini: dzina lochokera ku lubani, ndi tulo tosafika pansi

Mawu akuti benzodayazepini, dzina la gulu la mankhwala ogonetsa, amapinda lilime, koma chiyambi chake timachidziwa tonse. Amalonda achiarabu ankagulitsa utomoni wonunkhira wa mitengo ya kuzilumba za Indonesia, n'kumautchula kuti lubani jawi, kutanthauza lubani wa ku Java. Pakamwa pa Azungu dzinalo linafupika n'kukhala benzoini. Akatswiri atasungunula utomoniwo anapezamo asidi, ndipo kuchokera m'asidiyo anapanga benzini, mankhwala okhala ndi maatomu 6 a kaboni olumikizana mozungulira. Ndiye "benzo" ameneyo.

Zotsalazo n'kuwerenga chabe. "Dai" ndi ziwiri, "aza" ndi naitirojeni, "epini" ndi mkombero wa maatomu 7. Dzina lonselo likungonena maumbidwe: mkombero wa benzini womatirira ku wina wa maatomu 7, awiri mwa iwo a naitirojeni. Za tulo silinenapo kanthu. Leo Sternbach, wa kampani ya Hoffmann-La Roche ku New Jersey, anapanga mtundu woyamba wa mankhwalawa mu 1955; unayamba kugulitsidwa mu 1960, ndipo dayazepamu anatsatira mu 1963. Malo amene amagwira muubongo anadzadziwika mu 1977, anthu atamwa kale kwa zaka zambiri.

Malowo ndi a GABA. Zilembo zinayizi zikuimira gama-amino-byutiriki asidi, ndipo "byutiriki" ndi mawu ochokera ku Chigiriki otanthauza batala, poti asidi wa dzinali anapezeka koyamba m'batala wosasa. GABA anapezeka muubongo mu 1950. Iyeyu ndi mthenga wamkulu woletsa: pamene amithenga ena akuuza maselo a ubongo kuti alankhule, iye amati khalani chete.

Amachita motere. Pakhungu la selo pali kakhomo kopangidwa ndi timapuloteni tisanu. GABA akakhalapo, kakhomoko kamatseguka, kuloraidi n'kulowa, ndipo mphamvu ya magetsi m'selomo imatsika moti limavuta kulidzutsa. Dayazepamu sakhala pampando wa GABA. Ali ndi pake pambali, ndipo payekha sangatsegule khomolo. Ali ngati mafuta othira pamahinjesi: wokankha chitseko ndi GABA yemweyo, koma tsopano chimatseguka pafupipafupi. N'chifukwa chake mankhwala amodzi omwewa amachepetsa nkhawa, kufewetsa minofu, kuletsa khunyu ndi kubweretsa tulo. N'chifukwa chakenso kuwaphatikiza ndi mowa n'koopsa kwambiri, pakuti mowa umakankha mbali yomweyo, mpaka kupuma kumene kungafooke.

Tsono tulo take. Timati munthu ali m'tulo tofa nato, tija womudzutsa amachita kumugwedeza. Madokotala amatiyeza ndi makina ojambula mafunde a ubongo, ndipo timaoneka ngati mafunde aakulu oyenda pang'onopang'ono, maselo miyandamiyanda akukhala chete limodzi n'kudzukanso limodzi. Ambiri amamwa dayazepamu pofuna tulo timeneti, komatu ndi tomwe mankhwalawa amachepetsa. Munthu amagona msanga, sadzukadzuka, koma gawo lalikulu la usiku amalithera m'tulo tapakatikati. Nthawi yolota nayo imachepako pang'ono. Tulo tachilengedwe timayenda m'magawo osinthana, mbali zina za ubongo zikupuma, zina zikugwira ntchito, pomwe mankhwala amatontholetsa ponseponse osasankha.

Tiyerekeze mayi amene wasowa tulo pambuyo pa maliro, n'kupatsidwa mamiligalamu 5 a dayazepamu usiku uliwonse. Usiku woyamba amaona ngati wagona bwino zedi, mwa zina chifukwa mankhwalawa amalepheretsa ubongo kusunga zatsopano, choncho nthawi zimene anadzidzimuka sazikumbukira. Kukacha mutu umalemera, miyendo n'kumazandima, chifukwa thupi limatenga tsiku lathunthu kapena masiku awiri kuti lichotse theka la dayazepamu, ndipo zotsalira zake zimakhalitsa kuposa apo. Akamwanso madzulo, akuwonjezera pa zadzulo. Kwa agogo, amene thupi lawo limachedwa kuchotsa mankhwala, apa ndi pamene pamachokera kugwa ndi kuthyoka chiuno, ndipo zimandiwawa kuti kawirikawiri achibale amangoti ndi ukalamba.

Pakapita milungu ingapo ubongo umazolowera, timakomo tija sitimveranso ngati kale, ndipo piritsi limodzi silikwanira. Mayiyo akasiya mwadzidzidzi, kusowa tulo kumabwerera moposa poyamba, ndi maloto oopsa, thukuta ndi kunjenjemera. Amene wamwa nthawi yaitali angathe kukomoka n'kumaphupha. Iye amaganiza kuti matenda abwerera, pomwe ndi ubongo umene ukufunafuna chomwe unazolowera. Ndicho chifukwa malangizo a zachipatala amati asapitirire milungu iwiri kapena inayi.

Ngati inu kapena wachibale wanu mwamwa mankhwalawa kwa miyezi, musawasiye lero lomwe. Pitani kwa adokotala akuchepetsereni mlingo pang'onopang'ono.