Kodi Puluto adalakwanji kuti achotsedwe pa mndandanda wa mapulaneti?

Anzathu, mukafunsa makolo kuti mapulaneti ozungulira dzuwa alipo angati, ambiri ayankha kuti 9. Mabuku atsopano akuti 8. Palibe pulaneti lomwe lidasowa ayi. Puluto akadali pomwepo, koma adamuika m'gulu latsopano la timapulaneti. Nanga zidayenda bwanji?

Nkhaniyi siidayambe ndi Puluto. Mu 1801, Giuseppe Piazzi wa ku Italy adatulukira Seresi pakati pa Mazi ndi Jupita, ndipo anthu adati ndi pulaneti. Posakhalitsa m'dera lomwelo mudapezeka zinthu zina, kenako zinanso. Cha m'ma 1850 akatswiri a zakuthambo adaona kuti Seresi ndi mmodzi chabe mwa miyala yambirimbiri, ndiye adasiya kumuwerengera.

Mbiriyi idadzibwereza. Clyde Tombaugh adatulukira Puluto mu 1930 ku Arizona, m'dziko la Amereka, ndipo kwa zaka zoposa 60 ankaoneka ngati ali yekha kuseri kwa Nepichuni. Koma mu 1992 David Jewitt ndi Jane Luu adapeza chinthu china kumeneko, ndipo zinanso zidatsatira. Zinthu zidafika povuta mu 2005, pomwe Mike Brown ndi anzake adatulukira Erisi, yemwe kukula kwake ndi pafupifupi chimodzimodzi ndi Puluto koma amamuposa kulemera. Apa panalibenso kozembera. Ngati Puluto ndi pulaneti, Erisi amukaniza bwanji? Nanga enawo akamapezeka, mndandanda ukathera pati?

Bungwe la akatswiri a zakuthambo padziko lonse, IAU, lidakumana mumzinda wa Prague mu Ogasiti 2006. Ganizo loyamba lidali lakuti mapulaneti akhale 12, kuphatikizapo Seresi ndi Erisi, koma ambiri adalikana. Pa 24 Ogasiti adavota kuti pulaneti liyenera kukwanitsa zinthu zitatu: lizizungulira dzuwa, likhale lolemera mokwanira kuti mphamvu yake yokoka iliumbe kukhala lobulungira, ndiponso likhale litasesa njira yake. Chinthu chomwe chakhoza ziwiri zoyambazo n'kulephera chachitatu, ndipo si mwezi wa pulaneti lina, chimatchedwa kapulaneti. Puluto, Erisi ndi Seresi adalowa m'gulu limeneli.

Tsono mawu oti kusesa njira asatipusitse. Sakutanthauza kuti m'njiramo mwayera mbee. Akutanthauza kuti pulanetilo ndi lomwe likulamula m'menemo. Mwala ukaliyandikira, pakapita zaka mamiliyoni ambiri limaumeza, kapena limauponyera kutali, apo ayi limaugwira n'kuuyendetsa momwe likufunira. Mwachitsanzo, m'njira ya Jupita muli miyala masauzande ambiri, ina patsogolo pake ina pambuyo pake, koma yonseyo ili pamenepo chifukwa mphamvu ya Jupita ndi ya dzuwa zidaisunga.

Tiyeni tione za Puluto ndi Nepichuni. Njira ya Puluto ndi yotalika mbali imodzi, moti kuyambira 1979 mpaka 1999 adali pafupi ndi dzuwa kuposa Nepichuni. Wina angafunse kuti, ndiye kuti Nepichuni nayenso sadasese, eti? Tiwerengere limodzi. Nepichuni amatenga zaka pafupifupi 165 kuti azungulire dzuwa, pomwe Puluto amatenga zaka 248. Maulendo atatu a Nepichuni ndi zaka 495, maulendo awiri a Puluto ndi zaka 496. Sikuti zangochitika mwangozi ayi. Kukoka kwa Nepichuni ndi komwe kudamangirira Puluto pa kayendedwe kameneka, ndipo n'chifukwa chake awiriwa sayandikizana. Woimba ng'oma ndi Nepichuni, Puluto amangovina.

Njira ina yoyesera, yomwe Steven Soter adafotokoza mu 2006, ndi kuyerekeza kulemera kwa chinthucho ndi kulemera kwa zina zonse zoyenda m'dera lake. Dziko lathuli limaposa zonse za m'njira yake maulendo oposa miliyoni. Seresi ali ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwa miyala ya m'dera lake. Puluto safika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 10. Pakati pa mapulaneti 8 aja ndi timapulaneti pali phompho lalikulu, palibe yemwe ali pakatikati.

Komabe si onse omwe adakhutira. Alan Stern, yemwe adatsogolera ntchito ya chombo cha New Horizons chomwe chidadutsa pafupi ndi Puluto mu 2015, amatsutsa mpaka pano. Mfundo yake ndi yakuti lamuloli limaweruza chinthu potengera komwe chimakhala, osati momwe chilili. Kutali ndi dzuwa njira imakhala yaitali ndipo ulendo umachedwa, choncho kusesa kumavuta, moti dziko lathu lomweli mutaliika kutali kwambiri likhoza kulephera mayesowa. Mfundoyi ndi yomveka ndithu. Koma tikangotengera kubulungira kokha, ndiye kuti Puluto sabwerera yekha. Abwera ndi Seresi, Erisi, Makemake, Haumea ndi ena omwe akupezekabe. Inu mungasankhe mndandanda uti?