Msonkho wa VAT pa Inivoisi: Kusiyana kwa Mtengo Wophatikiza Msonkho ndi Wosaphatikiza

Msonkho wa VAT umalipidwa ndi wogula, koma amene amautolera ndi wamalonda wolembetsedwa ku bungwe lotolera misonkho la Malawi Revenue Authority, limene ambiri amalidziwa kuti MRA. Pa chifukwa chimenechi, katundu mmodzi amatha kukhala ndi mitengo iwiri: mtengo wa katundu pawokha, ndi mtengo umene msonkho waphatikizidwamo kale. Mikangano yambiri pakati pa ogula ndi ogulitsa imayamba pamene wina akutchula mtengo woyambawo pomwe mnzake akumva ngati ndi wachiwiriwo.

M'zitsanzo zili m'munsizi mwagwiritsidwa ntchito mlingo wa 16.5 peresenti, umene Malawi anautsatira kwa zaka zambiri. Mlingo wa msonkhowu umakhazikitsidwa ndi Nyumba ya Malamulo ndipo umatha kusintha, kotero wowerengera ayenera kutenga mlingo umene ukugwira ntchito pa tsiku la malondawo. Njira yowerengera ndiyo sisintha.

Zimene inivoisi ya msonkho imasonyeza

Inivoisi yolembedwa moyenera imakhala ndi dzina la wogulitsa, nambala yake ya msonkho ya TPIN, nambala ya inivoisiyo, tsiku, mtundu wa katundu ndi kuchuluka kwake. Kumapeto kwake kumakhala mizere itatu. Woyamba ndi mtengo wa katundu yense msonkho usanaikidwe, wachiwiri ndi ndalama ya VAT, ndipo wachitatu ndi ndalama yonse yofunika kulipira. Mizere iwiri yoyambayo ikaphatikizidwa iyenera kufanana ndi wachitatuwo.

Pa lisiti ya m'golosale yaikulu kalembedwe kamasiyana pang'ono. Mitengo yolembedwa pa katundu nthawi zambiri imakhala yophatikiza kale msonkho, ndipo mzere wa VAT umene uli pansi pa lisitiyo umangosonyeza gawo la msonkho limene lili mkati mwa ndalama yolipidwayo. Mzerewo si ndalama ina yowonjezera. Wamalonda amene sanalembetse VAT saloledwa kulipiritsa msonkhowu kapena kuulemba pa inivoisi yake.

Chitsanzo cha malata 40

Gulu la alimi likufuna malata 40 ofolera nyumba yosungiramo mbewu, ndipo lafunsa mitengo m'masitolo awiri. Sitolo yoyamba yalemba K20,000 pa lata limodzi, msonkho wosaphatikiza. Sitolo yachiwiri yalemba K22,500 pa lata limodzi, msonkho wophatikiza. Poyang'ana mwachangu, sitolo yoyamba ikuoneka yotsika mtengo ndi K2,500 pa lata lililonse.

Ku sitolo yoyamba malata 40 akukwana K800,000. Msonkho wake ndi 16.5 peresenti ya ndalama imeneyi, yomwe ndi K132,000, ndipo ndalama yonse yolipira ikufika K932,000. Ku sitolo yachiwiri malata omwewo akukwana K900,000 ndipo palibe chowonjezera china. Kotero sitolo imene imaoneka yokwera mtengo ndiyo yotsika ndi K32,000. Gulu limene likanatapa K800,000 ku banki podalira mtengo woyambawo likanapezeka kuti laperewera ndi K132,000 litafika kale ku sitolo ndi galimoto yahayala.

Mitengo iwiri ingayerekezedwe pokhapokha yonse ili yophatikiza msonkho, kapena yonse ili yosaphatikiza. Chikalata cha mitengo chikapanda kunena za msonkho, wogula ayenera kupempha kuti wogulitsa alembepo zimenezi asanagwirizane za malonda.

Kuchotsa msonkho mu mtengo wophatikiza

Kuika msonkho pa mtengo n'kosavuta: mtengowo umachulukitsidwa ndi 1.165. Pamene anthu ambiri amalakwitsa ndi pobwerera m'mbuyo. Munthu amene wagwira inivoisi ya K932,000 amatha kuganiza kuti akachotsa 16.5 peresenti ya ndalamayo apeza mtengo wa katundu. Akatero amapeza msonkho wa K153,780 ndi mtengo wa K778,220, pamene msonkho weniweni unali K132,000 ndipo mtengo unali K800,000. Kulakwitsako ndi kwa K21,780.

Chifukwa chake n'chakuti msonkho umawerengeredwa pa mtengo wa katundu pawokha, osati pa ndalama yonse. Pa K100 iliyonse ya katundu pamaikidwa K16.50, ndipo zonse zimakwana K116.50. Ndalama yophatikiza msonkho ili ndi magawo 116.5, ndipo mwa amenewa 100 ndi a katundu. Njira yolondola ndiyo kugawa ndalama yonseyo ndi 1.165. K932,000 ikagawidwa motero imabwerera pa K800,000. K900,000 ya sitolo yachiwiri ija ikagawidwa imapereka K772,532.19 ngati mtengo wa malata, ndipo K127,467.81 yotsalayo ndi msonkho. Mlingo ukakhala wina, nambala yogawirayo imasintha moyenerera. Mwachitsanzo pa 17.5 peresenti imakhala 1.175.

Kulakwitsa kwina ndiko kuika msonkho kawiri. Ngati wolemba inivoisi atenga K900,000 yophatikiza kale msonkho n'kuikaponso 16.5 peresenti, wogula amapatsidwa inivoisi ya K1,048,500. Izi zimadziwika poyerekeza mtengo wa lata limodzi umene uli pa inivoisi ndi umene unagwirizanidwa. Ngati K22,500 yophatikiza msonkho ija yaoneka pamwamba pa mzere wa VAT ndipo ndalama yonse yapitirira K900,000, ndiye kuti msonkho waikidwa kawiri.

Pamene masamu akuoneka osagwirizana koma inivoisi ili yolondola

Si katundu yense amene amalipiritsidwa msonkhowu. Malamulo amapatula zinthu zina, monga chimanga chosagaya, ndipo katundu wotumizidwa kunja kwa dziko amakhala pa mlingo wa 0 peresenti. Inivoisi imodzi ikakhala ndi malata a K800,000 ndi chimanga cha K200,000, msonkho umakhalabe K132,000 ndipo ndalama yonse ndi K1,132,000. Pa inivoisi yotere kugawa ndalama yonse ndi 1.165 kumapereka yankho lolakwa. Katundu wopanda msonkho ayenera kuchotsedwa kaye, kenako chotsalacho chigawidwe.

Kusiyana kwa matambala ochepa kumabweranso chifukwa makina ena amawerengera msonkho pa mzere uliwonse pomwe ena amawerengera pa ndalama yonse pamodzi. Kusiyana kotere sikudetsa nkhawa. Kukafika pa makwacha mazana kapena zikwi, inivoisi iyenera kuunikidwanso.

Mtengo umene aliyense ayenera kuyang'ana

Mlimi kapena wogula wamba amene sanalembetse VAT sabwezeredwa msonkho umene walipira, kotero kwa iye mtengo weniweni ndi wophatikiza msonkhowo. Wamalonda wolembetsedwa amene akugula katundu woti akagulitse ndi msonkho amayang'ana mtengo wosaphatikiza, pakuti msonkho umene walipira pogula amauchotsa pa umene watolera pogulitsa. Akagula malata aja pa K800,000 ndi msonkho wa K132,000, n'kuwagulitsa pa K1,000,000 ndi msonkho wa K165,000, amapereka K33,000 ku MRA. Phindu lake ndi K200,000 asanachotse zolipira zina, ndipo K33,000 ija si gawo la phindu ngakhale ili m'manja mwake.

Kuchotsera kumeneku kumafuna umboni, ndipo umboniwo ndi inivoisi ya msonkho yochokera kwa wogulitsa wolembetsedwa. Wamalonda amene walandira kapepala kongosonyeza ndalama yonse, kopanda TPIN ndi mzere wa VAT, akhoza kukanidwa kuchotsa K132,000 ija, ndipo angafunike kupereka K165,000 yonse. Inivoisi yolakwika iyenera kubwezedwa kwa wogulitsa kuti akonze ndalama isanaperekedwe, ndipo yolondolayo isungidwe pamodzi ndi mabuku a bizinesi.