Zasowa, zatsala kapena zakanidwa?

Pali mneni mmodzi amene amatayitsa nthawi anthu osunga deta ya zipatala m'maboma a Petauke ndi Nyimba: "kusowa". Tinene kuti usiku uliwonse kompyuta ya pa chipatala imatumiza marekodi a tsikulo ku seva yaikulu. Kukacha, wosunga deta akapeza kuti chiwerengero chapereŵera, amalembera injiniya kuti "marekodi asowa." Injiniya alibe poyambira, chifukwa mawuwa aphimba mavuto atatu osiyana.

Rekodi ikhoza kutsala: sinanyamuke n'komwe, mwina magetsi anazima ntchito isanayambe. Ikhoza kudukira m'njira: netiweki inathawa fayilo ili pakati, ndipo chizindikiro chake n'chakuti osowawo ndi otsatizana, onse a kumapeto. Ikhozanso kukanidwa: inafika, koma seva inaibweza. Chingerezi cha pa sikirini chikhoza kungoti `dropped` pa zonsezi. Apa chinenero chathu chili ndi aneni akuthwa kuposa Chingerezicho, ndipo n'zachisoni kuti timawasiya.

Tiyerekeze kuti marekodi 412 ananyamuka, koma olandiridwa ndi 389. Wosunga deta wodziŵa ntchito yake amayamba wafufuza kuti 23 amenewo ndi ati:

```
SELECT id FROM source
EXCEPT
SELECT id FROM target;
```

Akaona kuti manambalawo ndi omwazikana, adziŵa kuti si netiweki. Ndiye awaunike limodzilimodzi, aone chowafananitsa. Mwina onse ali ndi mayina ngati Ng'oma kapena Ng'uni. Kachizindikiro kotsatira ng kaja ndi komwenso SQL imatsekera nako mawu, choncho pulogalamu yolembedwa mosasamala imaganiza kuti dzina lathera pamenepo, n'kukana mzere wonse. Tsopano uthenga uli ndi mutu: "A injiniya, mwadzuka bwanji? Usiku wapitawu marekodi 23 mwa 412 akanidwa, onse a mayina okhala ndi ng'. Ndakutumizirani manambala ake ndi logi. Chonde mukakonza muwatumizenso." Atumize manambala, osati mayina, chifukwa mayina a odwala sayenera kuyenda pa WhatsApp.

Pa mawu obwereka, ena amafuna kuti "rekodi" ikhale "cholembedwa", "seva" ikhale "nkhokwe". Ine sindivomereza. Cholembedwa chikhoza kukhala kalata kapena lisiti, pomwe rekodi ndi mzere umodzi wokhala ndi nambala yakeyake. Mayina a zida tibwereke ndithu, koma aneni akhale athu.

Ku Petauke ndi ku Nyimba ambiri pakhomo amalankhula Chinsenga, kusukulu amaphunzira Chinyanja, chomwe ndi chimodzi mwa zinenero zisanu ndi ziŵiri zimene boma la Zambia linasankhira zigawo, pomwe SmartCare ndi DHIS2 amazigwiritsa ntchito m'Chingerezi. Wophunzitsa osunga deta asadikire kuti akatswiri a ku Lusaka apange mawu atsopano. Ayambe ndi kutsala, kuduka ndi kukanidwa, ndipo opanga mapulogalamu aziyesa ntchito yawo ndi mayina okhala ndi ng' ndi ŵ asanaitumize ku zipatala.