Momwe anayezera ntchito ya kupuma, kuyambira kwa Rohrer kufika ku Chatinkha

Munthu wabwinobwino akakhala pansi, minofu imene amapumira imadya okosijeni wochepa kwambiri. Pa magawo 100 a okosijeni yense wolowa m'thupi, iyo imatenga awiri kapena atatu basi. Kwa wodwala chibayo choopsa, kapena amene mphumu yam'gwira zolimba, gawo limeneli limatha kufika kotala, mwina n'kupitirira. Akakufunsani kuti "wodwalayu akuonda bwanji chonsecho amangogona?", yankho lina lili pamenepa: akugwira ntchito usiku ndi usana. Anthu akhala akuona befu kuyambira kalekale, koma kuyeza ntchito yake n'kulongosola chimene chimaikweza n'kwa dzulodzuloli.

Akale anachitako mbali yawo. Galen, sing'anga wa ku Pergamon wa m'zaka za m'ma 100, ankadula mitsempha ya nyama zamoyo n'kuonetsa kuti chifuwa chimayendetsedwa ndi minofu ya m'nthiti pamodzi ndi dayafulamu, mnofu wotchinga pakati pa chifuwa ndi mimba. Mu 1667 Robert Hooke anasunga galu wamoyo ku London pom'popera mpweya ndi mvukuto, chifuwa chili chong'amba. John Mayow mu 1674 anaika chikhodzodzo m'kati mwa mvukuto pofuna kusonyeza kuti mapapo sadzifufumitsa okha, amangotsata chifuwa. Mu 1846 John Hutchinson anayeza mpweya umene anthu oposa 2,000 ankatulutsa akapuma ndi mphamvu zawo zonse. Onsewa anadziwa chimene chimagwira ntchitoyo ndi mpweya umene umayenda, koma funso la kulemera kwa ntchitoyo silinawafike.

Amene analifunsa bwino ndi Fritz Rohrer wa ku Switzerland, ndipo ine ndimati mbiri ya nkhaniyi imayambira kwa iye. Mu 1915, akali mnyamata, anatenga mapapo a munthu wakufa n'kuyamba kuyeza njira za mpweya imodziimodzi, utali wake ndi kukula kwa bowo lake, kuyambira pakholingo kutsika ndi nthambi zake mpaka timachubu ting'onoting'ono. Inali ntchito yotopetsa ndi yopanda ulemu, koma inam'patsa manambala oti awerengere mphamvu yofunika kukankha mpweya m'njira zimenezo. Anagwiritsa ntchito lamulo limene Poiseuille wa ku France anapeza m'zaka za m'ma 1840 pothira madzi m'timachubu tagalasi. Lamulolo n'lankhanza: bowo la chubu likachepa ndi theka, kuvuta kwa kudutsamo sikuwirikiza kawiri, kumawirikiza ka 16. Rohrer anawonjezapo kuti mpweya ukamathamanga kwambiri umayamba kuvunduka, ndipo pamenepo mphamvu yofunika imakwera mofulumira kuposa liwiro lenilenilo.

Tione zimenezi pa khanda. Njira yake ya mpweya ikhale ya mamilimita 4 kupingasa. Chimfine chikatupitsa m'kati mwake ndi milimita imodzi kuzungulira, bowo limatsala mamilimita 2, ndiye kuti kuvuta kuja kwakwera ka 16. Munthu wamkulu wa njira ya mamilimita 8 akatupa mofananamo amatsala ndi 6, ndipo kuvutako kumangokwera katatu. Matenda ndi amodzimodzi, koma bambo amangotsokomola pamene mwana akubanika.

Rohrer anaona kuti kukankha mpweya m'njira ndi gawo limodzi chabe la ntchitoyo. Gawo lina ndi kutamula mapapo ndi chifuwa, zimene zimafuna kubwerera mwakale monga legeni ukaikoka. Magawo awiriwa amalimbana. Ukapuma mozama ndi modekha, mpweya umayenda pang'onopang'ono ndipo njira sizivuta, koma umalipira kwambiri potamula mapapo. Ukapuma mofulumira ndi mosazama, kutamula kumachepa, koma mpweya wodutsa m'njira umachuluka. Mu 1925 iye analemba kuti payenera kukhala liwiro la kapumidwe pamene ntchito yonse imakhala yochepetsetsa. Chaka chotsatira anamwalira asanakwane zaka 40, ndipo zolemba zake, zimene zinali m'Chijeremani, zinakhala ngati zaiwalika.

Patapita zaka pafupifupi 15, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inadzutsa nkhaniyi ku Rochester, ku America. Asilikali ankafuna kuti oyendetsa ndege azipuma mpweya wopopedwa mwamphamvu akakwera m'mwamba kwambiri, ndipo ntchito yofufuza inagwera Wallace Fenn, Hermann Rahn ndi Arthur Otis. Atatuwa sanali madokotala a mapapo, ndipo zambiri zimene Rohrer anapeza anazipezanso okha, n'kudzazindikira pambuyo pake kuti wina anadutsamo kale. Mu 1950 anasindikiza masamu a ntchito ya kupuma, amene lero amadziwika ndi dzina la Otis. Sindiwanyoza: anayeza anthu amoyo, ndipo analemba momveka kotero kuti madokotala anayamba kuwagwiritsa ntchito. Koma nzeru yoti ntchitoyo ili pawiri, ndiponso yoti pali liwiro lotsika mtengo, ndi ya Rohrer, ndipo ophunzira ambiri amamaliza sukulu osalimva dzina lake.

Masamuwo ngosavuta kuwatsata. Tikapuma kamodzi timakoka mamililita 500, koma 150 amatsalira m'kholingo ndi m'machubu, safika kumene magazi amatengera okosijeni. Opindulitsa ndi 350. Tikapuma ka 12 pa mphindi imodzi, thupi limalandira mamililita 4,200. Mamililita omwewo ungawapeze popuma ka 28 uku ukukoka 300 okha, kapena ka 6 uku ukukoka 850. Mphamvu yotamulira mapapo amaiyeza ndi msinkhu wa madzi amene ingakweze m'chubu. Mapapo abwino amalandira mamililita pafupifupi 200 pa sentimita imodzi ya madzi, choncho 500 aja amafuna masentimita awiri ndi theka. Mapapo ouma ndi zipsera, kapena odzaza madzi ndi mafinya, mwina amalandira 50 okha, ndipo 500 omwewo amafuna masentimita 10. Mpweya sunachuluke, koma ntchito yakwera kanayi. Wodwala wotere akatsikira pa 300, mphamvu ya kukoka kulikonse imatsika kuchoka pa 10 kufika pa 6. N'chifukwa chake wa chibayo amapuma mofulumira ndi mosazama popanda womuuza.

Wa njira zopanikizika zake n'zosiyana. Kupuma ka 28 kumatanthauza kudutsitsa malita 8.4 pa mphindi m'machubu ofinyika, pamene kupuma ka 6 kumadutsitsa malita 5.1 okha. Iyeyu kudekha ndiko kumam'pepukira. Alinso ndi vuto lina: munthu wabwino amatulutsa mpweya mwaulere, mapapo akamabwerera okha, koma wa mphumu amachita kufinya ndi minofu ya pamimba, ndipo kufinyako kumapana timachubu tija. Mpweya wakale usanathe kutuluka wayamba kale kukoka wina, chifuwa chimafufuma, dayafulamu imaphwatalala n'kutaya mphamvu yake yokokera.

Apa ndi pamene masamu amalekezera, chifukwa mwana amene mphumu yam'gwira sapuma modekha monga mmene pepala likunenera. Amapuma mofulumira, chifukwa mitsempha ya m'mapapo, kuchepa kwa okosijeni ndi mantha zimam'thamangitsa. Jere Mead wa ku Boston anaonetsa mu 1960 kuti thupi limasamala kwambiri za mphamvu imene minofu ikukoka nayo kusiyana ndi ntchito yonse ya pa mphindi. Chitsanzo chathu chija chikum'vomereza: kutsika pa 500 kufika pa 300 kumachepetsa ntchito yotamula ya pa mphindi ndi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi chabe, koma kukoka kulikonse kumapepuka ndi magawo awiri mwa asanu.

Chimene chimaumitsa mapapo a khanda lobadwa masiku asanakwane chinadziwika mochedwa. Kurt von Neergaard anaona mu 1929 kuti mapapo odzazidwa madzi amatamuka mosavuta kuposa odzazidwa mpweya, kutanthauza kuti kuuma kwambiri kumachokera ku kachinyezi ka m'kati mwa timatumba ta mpweya, kamene kamakokera makoma pamodzi. Dziko silinalabadire. M'ma 1950 Richard Pattle ndi John Clements anapeza safakitanti, mafuta amene mapapo amapanga kuti afooketse kukokako, ndipo mu 1959 Mary Ellen Avery ndi Mead yemwe uja anasonyeza kuti makanda omwalira ndi vutoli analibe mafuta amenewa. Timatumba tawo timafota nthawi iliyonse akatulutsa mpweya, ndiye kukoka kulikonse kumakhala kotsegula mapapo mwatsopano. Khanda lotere limabuula potulutsa mpweya, kutseka kholingo pang'ono kuti mapapo asafote onse. Mu 1971 George Gregory ku San Francisco anachita zomwezo ndi makina, kusiya mpweya ukukankha pang'ono nthawi zonse. Ndiyo sipapu.

Kuno kwathu nzeru zonsezi zili m'manja mwa anthu amene sayeza sentimita ya madzi ndi imodzi yomwe. Mlangizi wa zaumoyo pa kiliniki ya m'mudzi amauza mayi kuti, "Mayi, tam'vundukulani pachifuwa, musam'dzutse," n'kuwerenga kapumidwe ka mwanayo kwa mphindi yathunthu. Malire amene bungwe la zaumoyo padziko lonse linaika ndi 60 kwa khanda losakwana miyezi iwiri, 50 mpaka chaka chimodzi, ndi 40 mpaka zaka zisanu. Mwana akamalira nambala imanama, choncho amadikira kuti akhale chete. Kenako amayang'ana m'munsi mwa nthiti. Nthiti za mwana n'zofewa, ndiye dayafulamu ikakoka mwamphamvu pa mapapo okana kutamuka, chifuwa cham'munsi chimalowa m'kati pa nthawi imene chimayenera kutukuka. Chizindikiro choopsa kuposa zonse n'chonyenga: mwana amene amapuma ka 70 akatsikira pa 30 uku akuwodzera, kapena kulira kwa m'chifuwa cha wa mphumu kukazimiririka iye akubanikabe, si kuchira ayi. Minofu yatopa.

Ku chipatala cha Gulupu ku Blantyre, m'chipinda cha makanda cha Chatinkha, madokotala pamodzi ndi a yunivesite ya Rice ya ku America anayesa sipapu yotsika mtengo yotchedwa Pumani. Mphamvu ya mpweya wake imayezedwa ndi madzi a m'botolo, masentimita asanu kapena kupitirira pang'ono, muyezo womwe uja wa akatswiri akale. Kafukufuku wotsogozedwa ndi Kondwani Kawaza, wosindikizidwa mu 2014, anapeza kuti makanda 71 mwa 100 alionse oikidwa pa makinawa anapulumuka, poyerekeza ndi 44 mwa olandira okosijeni yekha. Koma ku chipatala cha boma cha Salima, kafukufuku wa ana a chibayo choopsa amene anasindikizidwa mu 2019 anaimitsidwa asanathe: pa sipapu panamwalira ana 17 mwa 100, pa okosijeni wamba 11. Kumeneko kunalibe dokotala woona anawo tsiku ndi tsiku. Sipapu imapeputsa ntchito pokhapokha timapaipi ta m'mphuno tikugwira bwino, mamina akuchotsedwa, mimba isakudzaza mpweya, ndiponso pali namwino woona msanga kuti mwana uyu wayamba kutopa.