Kuyendetsa pulogalamu yolondera pa seva yobwereka

Pulogalamu yolondera ndi kapulogalamu kamene kamafufuza pafupipafupi ngati chinthu china, monga webusaiti, chikugwira ntchito, n'kulemba zomwe kapeza. Kamafunika kompyuta yosazima. Ndiye chifukwa chake ambiri amakaika pa seva yaing'ono yobwereka pa intaneti, yotchedwa VPS, m'malo mwa laputopu yakunyumba. Makampani monga DigitalOcean ndi Hetzner amabwereketsa maseva otere pa madola ochepa pamwezi.

Vuto la laputopu

Laputopu ikatsekedwa imagona, ndipo mapulogalamu onse amaima. Pa Linux, ntchito zobwerezabwereza amaziyendetsa ndi `cron`, yomwe imayang'ana nthawi mphindi iliyonse. Nthawi ya ntchito ikadutsa kompyuta ili mtulo, `cron` saibwereranso ikadzuka. Pulogalamu yofufuza mphindi 5 zilizonse imayenera kuyenda ka 288 patsiku, choncho laputopu ikagona maola 8 imaphonya maulendo 96. Webusaiti itagwa usiku n'kudzuka m'mamawa, palibe amene angadziwe. Umboni wake umangokhala mpata m'kaundula, pomwe mizere ya maola amenewo kulibe.

Intaneti yakunyumba imasokonezanso. Magetsi akazima kapena bando ikatha, pulogalamuyo imalemba kuti webusaiti yagwa pomwe ili bwinobwino.

Chitsanzo

Mwini seva amalowa ndi `ssh`, amalemba `crontab -e`, kenako amaika mzere uwu:

```
*/5 * * * * curl -fsS -m 10 -o /dev/null https://example.com; echo "$? $(date -u)" >> $HOME/kaundula.txt
```

Mphindi 5 zilizonse `curl` imatsegula tsambalo n'kudikira masekondi osapitirira 10. Nambala yomwe yabwera imalembedwa m'kaundula pamodzi ndi nthawi. Nambala 0 imasonyeza kuti zonse zili bwino. Nambala 22 imatanthauza kuti webusaiti yayankha koma ndi uthenga wa vuto, monga 404 kapena 500. Nambala 28 imatanthauza kuti nthawi yatha yankho lisanafike, pomwe 6 ndiye kuti dzina la webusaitiyo silinapezeke.

Zofunika kusamala

Maseva ambiri amayendera nthawi ya UTC, yomwe imatsalira ndi maola awiri pa nthawi ya ku Malawi ndi ku Zambia. Vuto lolembedwa kuti 01:00 ndiye kuti linachitika 3 koloko usiku ku Lilongwe.

Seva nayonso imatha kuima, mwachitsanzo ngati mwini wake sanalipire kapena disiki yadzaza. Zikatero mlondayo amangoti zii, ndipo mwini wake angaganize kuti kuli mtendere. Njira yodziwika yothetsera izi ndi yakuti pulogalamuyo izitumiza chizindikiro kumalo ena, monga Healthchecks.io, nthawi iliyonse ikayenda. Chizindikirocho chikapanda kufika pa nthawi yake, malowo amatumiza uthenga wochenjeza pa imelo.