Kuchokera ku Chitaganya kufika pa 6 Julayi 1964: mivi yake ijambulidwe pati?

Mutu wa m'buku la mbiri wonena za ufulu wa mayiko a mu Afirika umakonda kuyenda motsata zaka: nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inatha mu 1945, India analandira ufulu mu 1947, Ghana mu 1957, ndipo mu 1960 mayiko 17 anatsitsa mbendera za atsamunda. Wophunzira akauzidwa kuti alembe ndandanda wosonyeza chimene chinayambitsa chinzake, amakopera zakazi n'kujambula muvi pakati pa chaka chilichonse ndi chotsatira. Koma kutsogola si kubala. Muvi uyenera kujambulidwa pokhapokha tikatha kutchula chimene chinanyamula mphamvu kuchoka pa chochitika china kupita pa chinzake: munthu, lamulo, lipoti, chisankho. Chikasowa, pakhale mpata. Mbiri ya Nyasaland kuyambira 1953 mpaka 1964 imatiyesa bwino pa lamuloli, chifukwa ili ndi mivi yolimba, yofooka, ndiponso zinthu zimene zinangogundizana tsiku.

Mabuku ambiri amayambira pa John Chilembwe, amene anaukira atsamunda mu Januwale 1915. Ndi bwino kuti akhale pa ndandanda, koma muvi wochoka pa iye kulunjika ku 1964 ndi wovuta kuuteteza. Kuukirako kunazimitsidwa m'masabata ochepa, ndipo amene anatenga ndale pambuyo pake anali aphunzitsi, alembi ndi abusa a m'mabungwe a m'zigawo, amene ankalembera boma makalata aulemu opempha sukulu ndi malipiro abwino. Mabungwe amenewa ndiwo anadzaphatikizana mu 1944 kupanga Nyasaland African Congress, ndi Levi Mumba ngati mtsogoleri woyamba. Apa muvi ulipo, pakuti anthu ake ndi omwewo. Chilembwe anasiya chikumbutso ndi madandaulo osathetsedwa, makamaka a malo ndi thangata, choncho mzere wake ukhale wamadonthomadontho. Ndipo Congress ya 1944 sinkafuna n'komwe kuti Angerezi achoke mawa; inkafuna mawu m'Nyumba ya Malamulo. Wolemba ndandanda ayenera kufunsa chimene chinasandutsa kupempha kukhala kukana.

Yankho lake ndi Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chinakhazikitsidwa mu 1953 eni dziko akuchikana poyera. Mantha anali omveka, makamaka kwa amuna ambirimbiri amene anagwirapo ntchito ku Southern Rhodesia n'kuona okha malamulo a tsankho: ulamuliro ukachoka ku London n'kupita kwa azungu a ku Salisbury, sudzabweranso. Kuchokera apa mivi imalumikizana mooneka. Congress italephera kuletsa Chitaganya, atsogoleri ake akale anataya ulemu. Mu 1956 anyamata ophunzira, Henry Chipembere ndi Kanyama Chiume, analowa m'Nyumba ya Malamulo, ndipo pozindikira kuti mafumu ndi akuluakulu sangatsate achinyamata, iwo ndi anzawo anaitana Dr Hastings Banda, amene anatera pa Chileka pa 6 Julayi 1958. Misonkhano inakula, mkwiyo wa alimi pa malamulo a malimidwe, okakamiza kukumba migula ndi kulipitsa olephera, unapeza pokhuthukira, ndipo pa 3 Malichi 1959 Bwanamkubwa Robert Armitage analengeza lamulo la nthawi ya chipwirikiti. Congress inaletsedwa, Banda anatsekeredwa ku Gwelo, ndipo ku Nkhata Bay asilikali anawombera ndi kupha anthu 20. Muvi uliwonse pano uli ndi wouyendetsa amene tingamutchule dzina.

Tsiku lomwelo la 3 Malichi 1959, ku Kenya, akaidi 11 anamenyedwa mpaka kufa pa msasa wa Hola. Pa ndandanda wa mzere umodzi zinthu ziwirizi zimakhala pamodzi ngati zapachibale, chonsecho palibe chinayambitsa chinzake. Zinakakumana ku London, kumene zonse ziwiri zinachititsa manyazi boma la Harold Macmillan pamaso pa aphungu. Mu Julayi chaka chomwecho lipoti la woweruza Patrick Devlin linati Nyasaland inali itasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi, ndipo silinapeze umboni wa chiwembu chachikulu chofuna kupha azungu chimene boma linkanena. Boma linakana mbali zina za lipotilo, koma chisankho cha ku Britain cha mu Okutobala chitapita, Macmillan anaika Iain Macleod kukhala nduna yoona za mayiko a atsamunda. Macleod ndiye anatulutsa Banda pa 1 Epulo 1960, ngakhale Roy Welensky wa boma la Chitaganya ankatsutsa. N'chifukwa chake ndandanda woona umafuna mizere itatu yoyenda pambalimbali, wa kuno kwathu, wa ku Salisbury ndi wa ku London, ndipo mivi yofunika kwambiri ndi imene imadumpha kuchoka pa mzere wina kupita pa wina. Buku silijambula zimenezi; kawirikawiri Hola ali m'ndime ya Kenya, masamba angapo kutali.

Ena angatsutse kuti zonsezi n'kudzivutitsa. Britain anali atafooka ndi nkhondo, Ghana anali atatsegula kale njira, Macmillan mwiniwake anavomereza ku Cape Town mu Febuluwale 1960 kuti mphepo ya kusintha ikuwomba mu Afirika, ndiye ufulu ukanabwerabe, kaya kukhale Nkhata Bay kaya ayi. Mfundoyi ili ndi choonadi, ndipo zifukwa zazikulu zotere ziyenera kulembedwa pamwamba pa ndandanda ngati nyengo yokuta zonse. Koma sizilongosola nthawi kapena maonekedwe a ufuluwo. Mphepo yomweyo inawomba pa mayiko onse atatu a m'Chitaganya, chimene chinatha pa 31 Disembala 1963. Malawi anadzilamulira pa 6 Julayi 1964, Zambia pa 24 Okutobala 1964, koma Southern Rhodesia anadikira mpaka 18 Epulo 1980, nkhondo itapha anthu ochuluka. Chifukwa chimodzi sichingabale zotsatira zosiyana chonchi pachokha. Kusiyana kwake n'kwakuti azungu a ku Southern Rhodesia ankadziyendetsera boma kuyambira 1923, ali ndi apolisi ndi asilikali awoawo, kotero Ian Smith anatha kulengeza yekha ufulu wa azungu pa 11 Novembala 1965, London n'kulephera kumuletsa. Ku Nyasaland mphamvu yomaliza inali m'manja mwa nduna ya ku London, ndipo ndunayo itasintha maganizo, khomo linatseguka.

Palinso chitsutso china, chakuti kupereka malo otere kwa Devlin ndi Macleod n'kulanda eni dziko ulemu wa nkhondo yawo. Mivi ikatsatidwa chobwerera, nkhawayi imachepa. Devlin sakanatumizidwa popanda imfa za mu Malichi, ndipo Macleod sanatulutse Banda chifukwa cha chifundo. Congress italetsedwa, Orton Chirwa ndi anzake anakhazikitsa Malawi Congress Party mu Seputembala 1959, ndipo anthu anagula makadi ake mwaunyinji mtsogoleri wawo akadali m'ndende. Boma linaona kuti palibe wina woti lingakambirane naye. Zokambirana za ku Lancaster House mu 1960 zinabala malamulo atsopano, malamulowo anabala chisankho cha mu Ogasiti 1961, ndipo chipanicho chitapambana mipando yonse ya m'kaundula wa ovota wamba, panalibenso amene akanati Amalawi akufuna Chitaganya. Muvi wochoka pa chisankho chimenechi kupita ku kutha kwa Chitaganya ndi umodzi mwa imene wophunzira angaijambule ndi inki.